Ndikudya pang'ono kuposa kumudzi, nanga mimbayi ikuchokera kuti?

*Ndine telala, ndimasoka m'tauni muno mu Joni ndipo ndimakhala ku Turffontein. Ndili kwathu ku Balaka ndinkadya mitanda itatu masana, itatu usiku, koma ndinali wowonda. Kuno pa zaka zitatu ndawonjezera makilo 14. M'mawa ndimagula magwinya atatu ndi polone pa renki ndi kumwera tiyi. Masana ndimadya kota ndi botolo la chakumwa chozizira. Ikamakwana 3 koloko njala imakhala yandigwiranso, ndiye ndimagula kapaketi ka makirisipi. Anzanga anandiuza kuti nsima ndi imene imanenepetsa, ndiye usiku ndinaisiya, ndimangodya buledi ndi majarini. Koma lamba ndikungoboolabe mabowo atsopano. Kodi ndili ndi matenda, kapena ndine wadyera chabe?*

*Bambo wa ana atatu, Turffontein*

Achimwene, mtima pansi. Dyera mulibe, ndipo pa zimene mwalembazi palibe chondichititsa kuganiza kuti thupi lanu lasokonekera. Likugwira ntchito monga linkagwirira ku Balaka. Chasintha ndi chakudya chimene mukulipatsa, ndipo chasintha m'njira imene diso silingaone. Anthu akwathu ambiri amene ndimawathandiza pa nkhani ya kadyedwe muno mu Joni amabwera ndi dandaulo lomweli, ndipo pafupifupi onse amayamba ndi kuimba mlandu nsima. Nsimayo tiiweruza bwino kutsogoloku, koma ndinene kaye kuti mwa zonse zimene munkadya, munachotsa chimene chinali ndi mlandu wochepa.

Mimba siwerenga makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Chimene imamva ndi kulemera kwa chakudya ndi mmene chaidzazira. Ikatambasuka imatumiza uthenga ku ubongo kuti kwafika kanthu, ndipo chakudya chikayamba kutsikira m'matumbo, nawonso amatulutsa timadzi touza ubongo kuti basi, zakwana. Uthenga wachiwiriwu sufika msanga, umatenga mphindi pafupifupi 20. Kuwonjezera apo, ofufuza za kadyedwe, makamaka Barbara Rolls wa ku yunivesite ya Penn State ku America, anapeza kuti munthu amakonda kudya chakudya cholemera mofanana tsiku ndi tsiku, kaya muli makalori ambiri kaya ochepa. Choncho funso lofunika pa chakudya chilichonse ndi lakuti: m'magalamu 100 a chinthu ichi muli makalori angati, ndipo ndichimaliza m'mphindi zingati?

Tengani mbatata ya kachewere. Yowiritsa, magalamu 100 amakhala ndi makalori pafupifupi 85, chifukwa gawo lalikulu la mbatatayo ndi madzi. Mukaidula n'kuiponya m'mafuta otentha, thovu limene mumaona likuwira m'chiwayamo ndi madzi akuthawa ngati nthunzi, ndipo malo amene madziwo asiya mumalowa mafuta. Madzi alibe kalori ngakhale imodzi, pamene galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, kuposa kuwirikiza kawiri a ufa kapena shuga omwe ndi 4. Tchipisi chikamatuluka, magalamu 100 amakhala atafika pa makalori 250 mpaka 300. Mukaidula mopyapyala kwambiri n'kuikazinga mpaka kuuma gwaa, ndiye makirisipi a m'paketi aja, magalamu 100 amapitirira makalori 500. Mbatata ndi yomweyo. Zili ngati mfutso: dengu lodzaza mkhwani mukaufutsa umatsala wongokwana m'manja, kungoti apa madzi atachoka palowa mafuta. Mimba ikalandira kamanja kameneko imati sindinadye, pamene thupi lalandira za dengu lonse ndi zowonjezera.

Mu 1995 ofufuza a ku yunivesite ya Sydney, motsogozedwa ndi Susanna Holt, anapatsa anthu zakudya zosiyanasiyana zokhala ndi makalori ofanana ndendende, 240, n'kumawafunsa kwa maola awiri mmene akukhutira. Buledi woyera anamuika pa 100 kuti akhale poyezera. Mbatata ya kachewere yowiritsa inaposa zonse, inafika pa 323. Tchipisi chinangofika pa 116, makirisipi pa 91, madonasi pa 68. Nsomba, phala la otsi, nyemba, mazira ndi zipatso monga malalanje ndi maapozi zinali pamwamba pa buledi. Madonasi ndi achibale a magwinya, ufa woyera wa tirigu wokazingidwa m'mafuta, ndiye mutha kuona chifukwa chake atatu a m'mawa aja sakufikitsani patali.

Tiyeni tiwerengere tsiku lanu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, chifukwa aliyense wogulitsa ali ndi dzanja lake, koma satalikirana kwambiri ndi zenizeni. Gwinya lalikulu limodzi ndi makalori pafupifupi 250, atatu ndi 750, ndipo ndi polone ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga tafika cha pa 900. Kota ndi gawo limodzi la magawo anayi a lofu, ndipo lofu wa kuno ndi magalamu 700, ndiye buledi yekhayo ndi makalori opitirira 400. Tchipisi chimene amathiramo ndi 500. Soseji, polone, tchizi, dzira lokazinga, atcha yomwe imasambira m'mafuta ndi sosi zimawonjezera 400 kapena kuposa. Kota yodzaza bwino yatenga 1,300. Botolo la theka la lita la chakumwa cha shuga wathunthu ndi pafupifupi 200. Kapaketi ka makirisipi ndi 200 inanso. Masilayisi anayi a buledi opaka majarini ndi tiyi usiku ndi 550. Zonse pamodzi zapitirira 3,100, pamene mwamuna wamkulu amene amatandala pa mpando akupalasa makina amafunika 2,200 mpaka 2,500.

Tsopano muike chakudya chomwechi pa sikelo, kusiya zakumwa. Sichipitirira kwenikweni kilo imodzi. Nanga tsiku la ku Balaka? Mbatata yowiritsa ndi tiyi m'mawa, makalori 300. Masana mitanda itatu, titi iliyonse magalamu 200. Nsima ndi ufa wophikidwa m'madzi ambiri, magalamu 100 amakhala ndi makalori 100 mpaka 130, ndiye itatuyo ndi pafupifupi 700. Ndi nyemba ndi masamba mbale yonse ifika 1,000. Usiku chimodzimodzi, mwina ndi usipa. Tsiku lonse ndi makalori 2,300, koma pa sikelo chakudyacho chikupitirira makilo awiri. Mukunena zoona ndithu kuti kuno mukudya pang'ono: mukudya theka la kulemera kwa chakudya cha kumudzi, koma muli makalori 800 owonjezera. Ndipo kumudzi kunali njinga, khasu ndi miyendo, pamene kuno tekisi imakutulani pafupi ndi khomo la shopu.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimakonda kuwafotokozera anthu chifukwa amachotsa manyazi. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health ku America anagoneka anthu 20 m'chipatala chawo chofufuzira kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya zopangidwa kwambiri kufakitale, milungu ina iwiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zosasinthidwa kwambiri, monga nyama, nsomba, masamba, mpunga, zipatso ndi mtedza. Chakudya choikidwa patebulo anachilinganiza kuti mbali zonse chikhale ndi makalori, shuga, mafuta ndi mchere ofanana, ndipo aliyense ankauzidwa kuti adye mmene akufunira. Pa milungu ya zakufakitale anthu omwewo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera tsiku lililonse, ndipo anawonjezera pafupifupi kilo imodzi. Pa milungu ya zophika anataya pafupifupi kilo imodzi, popanda wina kuwauza kuti achepetse. Atafunsidwa, sananene kuti zakufakitale zinkakoma kuposa zinazo, kapena kuti zinazo zinkawasiya ndi njala. Chimene chinaoneka poyera ndi liwiro: zakufakitale ankazidya mofulumira, makalori ambiri pa mphindi iliyonse. Anali anthu ochepa, nthawi inali yaifupi, ndipo chakudya chinali chaulere, ndiye sitingati aliyense adzawonjezera 500 ndendende. Koma munthu mmodzimodziyo, ndi mtima wake womwewo, ankadya mopitirira kapena mochepa malinga ndi chimene chaikidwa patsogolo pake. Apa nkhani ya dyera yagwa.

Liwiro limeneli mulione pa kota yanu. Buledi ndi wofewa, tchipisi cha kuno ndi chofewa, polone ndi nyama yogayidwa kale, sosi amatsetsereza zonse kukhosi. Palibe chofuna mano. Mphindi 7 kapena 8 mwamaliza, muli chiimire, kasitomala akudikira diresi lake. Uthenga wa kukhuta ukamafika, makalori 1,500 alowa kale. Nsima simungaidye choncho. Imafika yotentha, muyenera kutema mbamu, kuiumba, kusunsa, kutola minga ya nsomba, kutafuna masamba. Mphindi 20 zija zimakwana mbale isanathe, ndipo munthu amasiya yekha kachidutswa ka mkute. Chakumwa cha shuga ndiye chimadutsa osaitanira n'komwe: makalori a m'madzi thupi siliwawerengera bwino, moti munthu sachepetsa chakudya chifukwa choti wamwa botolo.

Njala ya 3 koloko ija ilinso ndi chifukwa china. Pa chakudya chanu cha tsiku lonse zomanga thupi ndi zochepa poyerekeza ndi ufa ndi mafuta, ndipo mulibe gaga, mulibe makoko, mulibe masamba. Zomanga thupi, za mu nyemba, mazira, nsomba ndi nyama yeniyeni, ndi zimene zimagwira mimba nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Polone musaiwerengere kwambiri, chifukwa mwa nyama yakeyo mwadzaza mafuta, ufa, madzi ndi mchere. Makoko a nyemba ndi ulusi wa masamba zimachedwetsa chakudya m'mimba, shuga n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono. Ufa woyera wa tirigu ndi chakumwa zimakweza shuga msanga, ndipo akamatsika anthu ambiri amamva kufooka ndi kulakalaka kanthu kena kotafuna. Kanthu kali pafupi ndi ka pa sipaza, kouma, kamchere, kosungunuka pa lilime, kopangidwa dala kuti dzanja libwererenso m'paketi.

Ndisiyanitse zinthu ziwiri kuti tisamunamizire mayi wa pa renki. Akatswiri a ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil, motsogozedwa ndi Carlos Monteiro, anakonza njira yogawira zakudya yotchedwa NOVA, ndipo gulu lomaliza ndi la zopangidwa kwambiri kufakitale: makirisipi, mabisiketi, zakumwa za shuga, polone, soseji, manudozi a m'paketi, zinthu zokhala ndi zokometsera ndi utoto zimene simungazipeze m'khitchini ya munthu. Gwinya lokandidwa ndi manja kuchokera ku ufa, yisiti, shuga ndi mchere silili m'gulu limeneli, ngakhalenso tchipisi chodulidwa pomwepo. Koma pa nkhani ya kuchuluka kwa zimene munthu amadya, zimagwira ntchito yofanana, chifukwa nazo ndi zofewa, zamafuta, zodyeka mofulumira. Kota ndiye yasonkhanitsa mitundu yonse iwiri m'chibowo chimodzi. Kwathu mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya zinalipo, koma zinali za tsiku la msika. Kuno zasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku chifukwa ndi zimene zili panjira ya munthu wochoka kunyumba kusanache n'kubwerako kutada.

Pogula zokazinga yang'ananinso mafutawo. Akakhala akuda, akuchita thovu losatha, akufuka utsi kapena akununkha chiwaya chakale, atenthetsedwa kambirimbiri ndipo awonongeka. Mafuta osatentha mokwanira, kapena chiwaya chodzazidwa kwambiri nthawi imodzi, zimachititsa kuti chakudya chikhalitsemo n'kumwa mafuta ochuluka. Mudzadziwa ndi pepala lokulungira: likanyowa mpaka kuonekera mbali ina, dziwani kuti m'katimo mwalowanso ambiri.

Tibwere ku nsima. Sindikuti ilibe mlandu konse. Ufa wa m'mashopu kuno, umene ambiri timagula, ndi woyera wochotsedwa gaga, ndipo mitanda itatu kawiri pa tsiku ndi yambiri kwa munthu wokhala pansi. Koma yerekezani ndi chimene munaika m'malo mwake. Magalamu 100 a buledi ali ndi makalori pafupifupi 250, kuwirikiza kawiri a nsima, ndipo pamwamba pake mwapaka majarini. Komanso nsima siyenda yokha, imakoka ndiwo. Mutaichotsa, nyemba ndi masamba zinachoka nayo limodzi. Ndiye bwezeretsani nsima usiku, mitanda iwiri yapakati kapena umodzi ndi theka, koma mbale ya ndiwo ikule. Theka la chakudya chonse likhale masamba, kaya ndi kabichi, repu, sipinachi, bonongwe kapena mkhwani umene amagulitsa amayi m'misika monga wa ku Yeoville. Gawo lotsalalo mugawe pakati, nsima uku, nyemba kapena nsomba kapena nkhuku uku. Mukapeza ufa wa mgaiwa kwa anzathu obwera nawo pa basi kuchokera kumudzi, kapena ufa wosayeretsedwa kwambiri m'shopu, ndi wabwino koposa. Yambani kudya ndiwo ndi mbamu zing'onozing'ono, mudzadabwa kuti mtanda wachitatu simuufunanso.

Kuphika pakhomo nakonso kungathe kunenepetsa, ndipo izi ndimaziona kwambiri mwa anthu akwathu amene ayamba kugwira kandalama. Kumudzi mafuta tinkagula a m'kapulasitiki, ongokwana kukazingira anyezi. Kuno botolo la malita awiri lili pafupi ndi sitovu ndipo timangopendeketsa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori 120. Mukathira masupuni asanu mu kabichi wa anthu awiri, aliyense wadya makalori 300 amene sanawaone. Yezani ndi supuni: imodzi kapena ziwiri zikwana mphika wa ndiwo wa anthu awiri kapena atatu, ndipo tomato, anyezi ndi tsabola zimalize ntchito. Masamba otendera ndi abwino, nsinjiro ili ndi zomanga thupi ndipo imakhutitsa, koma nayo ili ndi mafuta ake, ndiye mukatendera musathirenso mafuta. Timakyubu ta supu ndi zokometsera za m'mabotolo zambiri ndi mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'buledi ndi m'polone. Mukaika kakyubu, mchere wina usalowe.

Ndikudziwa kuti vuto lenileni ndi nthawi, mayunitsi a magetsi, ndi kachipinda kogawana ndi anzanu komwe muli hotipuleti imodzi. Ndiye tisayambe ndi kusintha zonse. Yambani ndi m'mawa, chifukwa chakudya cha m'mawa ndicho chimakonza njala ya tsiku lonse. Usiku, nsima ili pamoto, wiritsani mbatata ziwiri zapakati ndi mazira awiri. M'mawa muzinyamula. Mbatata magalamu 300 ndi mazira awiri ndi makalori pafupifupi 400, osafika theka la magwinya ndi polone, koma n'zolemera kuposa ndipo zidzakufikitsani masana. Tsiku lina phala la mgaiwa kapena la otsi lothira nsinjiro, limene limapsa pa mphindi zochepa. Shuga wa mu tiyi mutsitse supuni imodzi pa milungu iwiri iliyonse, lilime limazolowera.

Chachiwiri ndi botolo la masana. Ili ndi losavuta kulichotsa chifukwa silikhutitsa n'kale. Madzi, kapena tiyi wopanda shuga wambiri. Juwisi wa m'bokosi musamuyese mnzanu, shuga wake ndi wofanana ndi wa chakumwa chozizira. Dziko lino linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018, ndipo makampani ena anachepetsa shuga m'zakumwa zawo, choncho mabotolo amasiyana. Werengani kumbuyo. Kuno mphamvu ya chakudya amailemba ndi zilembo za kJ, ndipo mukagawa nambalayo ndi 4 mupeza makalori moyerekeza. Pa paketi ya chakudya yang'anani mzere wa magalamu 100, osati wa gawo limene iwo akuti munthu adye, chifukwa gawo lawolo limakhala laling'ono kuposa limene aliyense amadyadi. Chinthu chopitirira 1,700 kJ pa magalamu 100 chili m'gulu la mabisiketi ndi makirisipi. Mtedza nawo umapitirira nambala imeneyi, koma umafuna kutafuna ndipo umagwira mimba, ndiye dzanja limodzi pa tsiku ndi labwino, makamaka wa makoko woti muziswa nokha.

Chachitatu ndi chakudya cha masana. Njira yotsika mtengo ndi kuphika mowirikiza usiku n'kunyamula m'kontena. Mpunga kapena mbatata zimayenda bwino kuposa nsima. Nyemba anthu amaziopa chifukwa cha magetsi, koma mukaziviika usiku wonse, n'kuziwiritsa mwamphamvu kwa mphindi 15 kapena 20, mutha kuchotsa mphika pamoto uli wovundikira, kuukulunga bwino m'bulangete, n'kuusiya maola atatu kapena anayi. Zimapsa ndi kutentha komwe kuli m'katimo, kenako mumangozibwezera pamoto pang'ono pothira tomato. Kuwiritsa koyambako musakudumphe, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimatsegula m'mimba. Mphodza zosenda, zimene zimapezeka m'mashopu a amwenye ku Fordsburg ndi ku Mayfair, zimapsa pa mphindi 20 kapena 30 popanda kuviika. Nsomba za m'chitini za mu tomato ndi soya pisesi ndi zachangunso. Chenjezo ndi ili: ngati kunyumba kulibe firiji, kapena kuntchito kulibe potenthetsera, musasunge nyemba kapena mpunga wophika kuchokera usiku mpaka masana a mawa, makamaka nyengo yotentha. Zikatero nyamulani zosasasa msanga: mbatata yophika m'mawa, mazira a m'chikamba chake, nthochi, tomato, ndi chitini cha nsomba chotsegula nthawi yodyayo.

Masiku amene simunanyamule kanthu, mumsewu momwemo muli zosankha. Mbale ya nsima ndi nyama yamsuzi ndi masamba imene amayi amagulitsa pafupi ndi marenki monga a Bree ndi Noord imaposa kota, makamaka mukapempha kuti achepetse nsima awonjezere masamba. Chimanga chootcha kapena chophika chimafuna mano ndi nthawi. Zipatso zili pa ngodya iliyonse. Ndipo kota sindikukuletsani. Idyeni kamodzi pa mlungu, mutakhala pansi, ndi madzi. Muuzeni wokonzayo achepetse tchipisi ndi theka, asankhe chimodzi pakati pa soseji ndi polone, dzira lisachoke. Kapena gawanani ndi mnzanu wa pa makina oyandikana nawo. Chimene sindikufuna ndi choti muyambe kudumpha chakudya kuti mulipire kota, chifukwa munthu wofika pa sipaza ndi njala ya tsiku lonse sasankha, amangotola.

Tikawerengeranso tsiku latsopanoli: m'mawa 450 ndi tiyi, masana mpunga ndi nyemba ndi masamba 750, chakumadzulo nthochi ndi mtedza 250, usiku mitanda iwiri ndi nsomba ndi masamba 800. Zonse ndi pafupifupi 2,250, zatsika ndi 800 kapena 900, koma chakudya chalemera kuposa kale. Mlungu woyamba zinthu zidzamveka zozizira m'kamwa chifukwa lilime lazolowera mchere ndi mafuta ambiri, ndipo nyemba zingakutupitseni mimba, ndiye yambani ndi zochepa. Chizindikiro choyamba chakuti zikuyenda si sikelo, koma njala ya 3 koloko kuyamba kuchepa. Ikapanda kuchepa pakatha milungu iwiri, kawirikawiri ndiye kuti masana mukuchepa zomanga thupi, wonjezerani dzira kapena nyemba. Kulemera kutsike pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kilo pa mlungu. Inu ndinu telala, tepi muli nayo m'khosi: yezani mimba cha pa mchombo kamodzi pa mwezi, m'mawa musanadye. Cholinga n'chakuti isapitirire theka la kutalika kwanu. Wamtali masentimita 170, mimba ikhale pansi pa 85. Ndipo muzitsika tekisi patali pang'ono, kapena kuyenda mphindi 15 mukadya, komanso muzigona mokwanira, chifukwa munthu wosowa tulo amalakalaka kwambiri zotsekemera ndi zamafuta.

Ngakhale ndanena kuti sindikuona matenda m'kalata mwanu, makilo 14 osonkhana pa mimba ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa bipi ndi shuga mwezi uno, musanadikire kuwonda. Matenda awiriwa amatha kukhala zaka osamveka. Kiliniki ya m'dera lanu imayeza, ndipo mafamase ambiri akuluakulu ali ndi namwino amene amayeza pa mtengo wochepa. Bipi ikamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kupitirira maulendo angapo, kapena shuga wa m'mawa musanadye akafika pa 7, mukufunika kuonana ndi dokotala, chakudya chokha sichikwanira. Musachedwe ngati muli ndi ludzu losatha, mukudzuka kangapo usiku kukataya madzi, maso akuchita chifunga moti kulowetsa ulusi pa singano kwayamba kuvuta mwadzidzidzi, mapazi akuchita dzanzi, chilonda sichikupola, kapena khungu la kumbuyo kwa khosi lada ndi kukhuthala. Njala yaikulu yobwera limodzi ndi kuwonda kosadziwika bwino ndi chizindikironso cha shuga. Kutupa miyendo, kubanika pokwera masitepe, ndi kuliza mkonono kwambiri n'kumadzuka wotopa, zonsezi akazione a chipatala. Kupweteka kwa pachifuwa, kapena kufooka mwadzidzidzi kwa mbali imodzi ya thupi kapena ya nkhope, n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, atchuleni kwa namwino pokamba za kunenepaku. Ena otalikitsa moyo, ena a matenda a maganizo ndi ena a chifuwa cha mphumu kapena nyamakazi amawonjezera thupi kapena njala. Musawasiye nokha, kambiranani ndi amene anakupatsani. Ndipo mukapezeka kuti muli ndi shuga n'kuyamba mankhwala, muwauze kuti mwasintha kadyedwe, chifukwa mankhwala ena amatsitsa shuga mopitirira munthu akachepetsa chakudya, ndipo mlingo wake ungafunike kusinthidwa. Popita kumeneko lembani pa pepala zonse zimene mwadya ndi kumwa kwa masiku atatu, ndi nthawi yake, n'kupempha kuti akutumizeni kwa katswiri wa kadyedwe wa pa chipatala cha boma kuti mukawerengere limodzi.